Msana wa mtsikana wopindikira m'mbali: madigiri 27 kapena 31, bulesi kapena opaleshoni?

"Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 12 ndipo sanathe msinkhu. Telala pomusokera yunifolomu ndiye anaona kuti phewa lake lamanja ndi lokwera. Kuchipatala choyamba atamujambula anati msana wapindika madigiri 27, koma patangotha miyezi iwiri kuchipatala china anati 31 ndipo akufunika bulesi. Kodi matendawa amathamanga chonchi? Kodi ndi ndowa za madzi zimene amasenza? Nanga opaleshoni tingaipewe?" Mayi wa ku Zomba.

Mayi, kusiyana kwa madigiri 4 pakati pa zithunzi ziwirizo sikokwanira kuti tinene kuti msana wa mwana wanu ukupindikirabe, ndipo mukamva mmene timayezera muona chifukwa chake. Komabe musati mupumire pamenepo, chifukwa malangizo a chipatala chachiwiricho ndikugwirizana nawo. Kaya nambala yoona ndi 27 kaya ndi 31, mtsikana amene sanathe msinkhu ali pa nthawi imene bulesi, chigoba chovala pathupi kuti chigwire msana, imathandiza, ndipo nthawi imeneyi sichedwa kudutsa. Pa matenda awa, amene kuchipatala timawatcha sikoliyosisi, nambala payokha sigamula mlandu. Nthawi zonse timaiwerenga limodzi ndi funso lina, lakuti mwanayu kwamutsalira kukula kochuluka motani.

Nambala imene mwapatsidwayo imatchedwa ngodya ya Cobb, potengera dzina la John Cobb, dokotala wa mafupa wa ku America amene anafotokoza kayezedwe kameneka mu 1948. Msana ukapindikira m'mbali umaoneka ngati uta pa chithunzi cha ekisile. Woyeza amafufuza fupa la msana limene lapendekeka kwambiri kumtunda kwa utawo n'kulemba mzere wotsata m'mphepete mwake mwapamwamba, kenaka amafufuza fupa lopendekeka kwambiri kumunsi kwa uta n'kulemba mzere wotsata m'mphepete mwake mwapansi. Ngodya imene ili pakati pa mizere iwiriyi ndiyo nambala ija. Kale tinkachita zimenezi ndi pensulo ndi kachipangizo koyezera ngodya konga kamene kamakhala m'kabokosi ka masamu ka ana asukulu, pamene masiku ano ambiri amayezera pa kompyuta, koma nzeru yake ndi imodzimodzi. Uta wosafika madigiri 10 sitiutcha sikoliyosisi n'komwe.

Mafupa a msana ali ndi mayina amene mudzawaona pa lipoti. A m'khosi alipo 7, a pachifuwa amene amagwira nthiti alipo 12 ndipo amalembedwa T1 mpaka T12, pamene a kumunsi cha m'chiuno alipo 5 ndipo amalembedwa L1 mpaka L5. Tsopano tiyerekeze kuti dokotala wachiwiri uja anasankha T5 kumtunda, limene lapendekeka madigiri 16, ndi T12 kumunsi, limene lapendekera mbali inayo madigiri 15. Mukaphatikiza mupeza 31. Mnzake woyamba mwina anasankha T6 lopendekeka madigiri 13, ndipo m'mphepete mwa fupa lakumunsi, mmene nthawi zambiri simuoneka bwino, analemba mzere wa madigiri 14. Iye apeza 27 pa msana womwewo. Palibe amene wanama. Ngakhale dokotala mmodzi akayeza chithunzi chimodzi kawiri pa masiku osiyana amatha kusiyana yekha ndi madigiri 3 mpaka 5, n'chifukwa chake timanena kuti uta wawonjezeka pokhapokha kusiyanako kukaposa madigiri 5, ndiponso poyeza zithunzi zonse ziwiri pa mafupa omwewo.

Kajambulidwe nako kamasintha nambala. Chithunzi choyenera chimajambulidwa mwana ataimirira, wopanda nsapato, ndipo chimaonetsa msana wonse kuchokera m'khosi mpaka mafupa a m'chiuno. Mwana akajambulidwa atagona, thupi silikulemera pa msana, ndipo uta umaoneka wocheperako ndi madigiri angapo. Ndakumanapo ndi makolo ambiri amene anabwera ali ndi nkhawa kuti msana wathamanga, pamene chithunzi choyamba chinali chogona ndipo chachiwiri chinali choimirira. Mumufunse mwana wanu kuti tsiku loyamba lija anamujambula ali motani. Kulinso bwino kuti kuwala kwa makinawo kulowere kumsana kusiyana ndi kutsogolo, chifukwa kutero kumachepetsa mphamvu imene imafika pa mabere a mtsikana amene adzajambulidwe kangapo m'zaka zikubwerazi.

Chithunzi chimabisa chinthu chimodzi chimene telala uja anachiona ndi maso. Msana wa sikoliyosisi sumangopindikira m'mbali, umapotokanso monga mmene nsalu imapotokera poifinya madzi, ndipo mafupa a pachifuwa akamapotoka amakoka nthiti. Mukamuuza mwana kuti aimirire miyendo ili pamodzi, mawondo osapinda, n'kuwerama manja atalendewera ngati akufuna kugwira zala zakuphazi, inu mutaima kumbuyo kwake mudzaona mbali imodzi ya nthiti itatukuka kuposa inzake. Kuyeza kumeneku kumadziwika ndi dzina la Adams. Kuchipatala timaika kachipangizo kotchedwa sikoliyomita pamwamba pa kutukukako, ndipo kakaonetsa madigiri 7 kapena kuposa timatumiza mwana kukajambulidwa. Madigiri a kachipangizoka si ofanana ndi a Cobb, choncho manambala awiriwa musawasakanize mukawaona m'buku la kuchipatala.

Za ndowa zija, mtima ukhale m'malo. Kusenza madzi pamutu, kunyamula chikwama cha mabuku phewa limodzi, kubereka mng'ono wake kapena kukhala mopendekeka pa desiki sizipangitsa mafupa a msana kupotoka motere. Pa ana 10 alionse a sikoliyosisi, pafupifupi 8 amakhala ndi mtundu umene chiyambi chake sichioneka pa kuyeza kulikonse, ndipo ukaonekera kuyambira zaka 10 mpaka pamene mafupa akhwima timautcha wa achinyamata. Umayenda m'magazi m'mabanja ena, kotero ndi nzeru kuwerametsa abale ake a mwanayu, makamaka aakazi, n'kuwayang'ana kumsana. Mauta ang'onoang'ono amapezeka mwa anyamata ndi atsikana mosasiyana kwenikweni, koma amene amakula mpaka kufuna chithandizo amachuluka kwambiri mwa atsikana.

Dzina limeneli timalipereka titachotsa kaye mitundu ina, ndipo apa ndi pamene dokotala wothamanga amaphonya. Pali ana amene amabadwa ndi fupa la msana lopangika theka, looneka ngati mphero, kapena mafupa awiri ogwirana mbali imodzi. Uta wawo bulesi siutha, ndipo amafunika kuwaunika impso ndi mtima chifukwa ziwalo zimenezi zimapangika nthawi imodzi ndi msana mwana ali m'mimba. Pali ena amene minofu yawo ndi yofooka kapena yokungika chifukwa cha kuvulala kwa ubongo pobadwa, poliyo kapena matenda ena a minofu, ndipo uta wawo umakhala wautali komanso umapitirira kukula ngakhale mafupa atakhwima. Palinso kupindika kongooneka chabe, kobwera chifukwa mwendo umodzi ndi waufupi. Kumeneku kumatha mwana akakhala pansi kapena mukamuikira kathabwa kunsi kwa phazi la mwendo waufupiwo.

Mtundu wa achinyamata uli ndi maonekedwe ake odziwika. Uta wa pachifuwa umatukukira kumanja, monga mmene phewa lamanja la mwana wanu likusonyezera, mwana sadwala, ndipo ululu ngati ulipo umakhala wapang'ono. Zinthu zikasiyana ndi zimenezi timakayikira. Uta wa pachifuwa wotukukira kumanzere, ululu womudzutsa usiku, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, phazi limodzi lokwera kwambiri pakati, kulephera kugwira mkodzo, mabala ambiri ofiirira pakhungu, kapena uta woyamba mwana asanakwane zaka 10, zonsezi zimafuna kuunika mtsempha waukulu wa mumsana ndi makina a MRI tisanaganize za bulesi. Kuno kwathu tiyeneranso kukumbukira chifuwa chachikulu cholowa m'mafupa a msana. Icho chimabweretsa linunda losongoka lotulukira kumbuyo osati m'mbali, limodzi ndi ululu, kuwonda ndi thukuta lausiku, ndipo chithandizo chake choyamba ndi mankhwala a chifuwa chachikulu. Mwana wotere kumuveka bulesi n'kumuuza kuti abwere pakatha miyezi 6 ndi kumuika pa ngozi yopuwala miyendo.

Malo a uta timawatchula potengera fupa limene lapatuka kwambiri pa mzere wapakati. Likakhala pakati pa T2 ndi T11 uta ndi wa pachifuwa, likakhala T12 kapena L1 ndi wa pamalire, ndipo likakhala kumunsi kwake ndi wa m'chiuno. Ana ena amakhala ndi mauta awiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo chifukwa uta wina umabweza kupendekeka kwa unzake, mapewa ndi chiuno zimaoneka zolingana, moti matenda amadziwika mochedwa. Mukadzaona mawu akuti Lenke ndi nambala yochokera 1 mpaka 6 pa lipoti, dziwani kuti ndi kagawidwe ka mu 2001 kothandiza dokotala wa opaleshoni kusankha mafupa oti agwirizanitse. Pa nkhani ya bulesi sikakukhudzani kwenikweni. Chokukhudzani n'chakuti mauta a pachifuwa ndi amene amakonda kukula kuposa a m'chiuno.

Tsopano tifike pa funso la kukula lija, limene ndilo mwini nkhani. Uta umawonjezeka kwambiri pa nthawi imene mwana akutalika mofulumira, ndipo kwa atsikana nthawi imeneyi imafika pachimake miyezi 6 mpaka 12 asanayambe kusamba. Akatha msinkhu kukula kumayamba kuzirala, n'kudzatha pakapita zaka pafupifupi ziwiri. Mwana wanu ali ndi zaka 12 ndipo sanayambe, kutanthauza kuti ali mkati mwa nthawi yoopsayo kapena ali pakhomo pake. Pa nthawi yotere uta ungathe kuwonjezeka digiri imodzi kapena kuposa mwezi uliwonse, choncho ngakhale ndanena kuti madigiri 4 aja sakutsimikizira kanthu, sindikunena kuti msanawo waima.

Pa chithunzi chomwe chija timayang'ana m'mphepete mwapamwamba mwa fupa la m'chiuno, pamene mumagwira mukaika manja m'chiuno. Pamenepo pamamera kamzere ka fupa latsopano kuyambira kutsogolo kulowera kumsana, ndipo timakagawa m'masitepe otchedwa Risser. Pa Risser 0 kamzereko sikanaoneke, pa 1 kakuta gawo limodzi mwa magawo anayi, pa 2 kafika theka, pa 3 magawo atatu, pa 4 kafika kumapeto, ndipo pa 5 kagwirana ndi fupa lalikulu, kusonyeza kuti kukula kwatha. Vuto la muyeso umenewu n'lakuti Risser 0 imatenga nthawi yaitali ndipo kutalika kofulumira kwambiri kumachitika mkati mwake, moti ana awiri onse a Risser 0 angathe kukhala pa ngozi zosiyana. Pa chifukwa chimenechi madokotala ena amajambulanso dzanja lamanzere kuti aone mafupa a zala, njira ya Sanders imene ili ndi masitepe 8. Inuyo kunyumba muli ndi muyeso wanu wosalira ndalama: mumuimike mwana pa felemu la chitseko mwezi uliwonse, m'mawa, wopanda nsapato, n'kulemba kamzere ndi tsiku lake. Mulembenso mwezi umene adzayambe kusamba, chifukwa dokotala adzaufunsa.

Kufunika kwa zimenezi kunaoneka bwino pa kafukufuku wa Lonstein ndi Carlson wa mu 1984. Mwa ana amene uta wawo unali pakati pa madigiri 20 ndi 29, amene anali pa Risser 0 kapena 1 uta unawonjezeka mwa 68 pa 100 alionse, pamene mwa amene anali pa Risser 2 mpaka 4 unawonjezeka mwa 23 okha. Nambala ya Cobb ndi imodzimodzi, koma tsogolo ndi losiyana. Mtsikana wa zaka 16 amene anatha msinkhu zaka zitatu zapitazo akabwera ndi madigiri 31 omwewo, sindimupatsa bulesi ayi, chifukwa palibe kukula koti bulesiyo iwongolere.

Choncho bulesi timapereka kwa mwana wa zaka 10 kapena kuposa, wa uta wa madigiri 25 mpaka 40, amene ali pa Risser 0 mpaka 2, ndipo ngati ndi mtsikana, amene sanayambe kusamba kapena sipanathe chaka chiyambireni. Uta wosafika 20 timangouyang'anira pa miyezi 4 mpaka 6 iliyonse. Wa pakati pa 20 ndi 25 timauveka bulesi ngati waonetsa kale kuti ukuwonjezeka ndipo mwana akadali wanthete. Wopyola 40 bulesi imayamba kulephera, ngakhale nthawi zina timayesabe mpaka 45. Mwana wanu, ngati chithunzi chitsimikiza Risser 0 kapena 1 monga ndikuyembekezera, akukwanira pa zonsezi.

Musayembekezere kuti bulesi iwongola msana. Ntchito yake ndi kugwira uta kuti usakule kufikira mafupa atakhwima, ndipo mwana amene wayamba ndi madigiri 31 n'kumaliza ndi 31 kapena 33, chithandizo chayenda bwino. Bulesi yake ndi chigoba cha pulasitiki yolimba chozungulira thupi kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno, choumbidwa potengera thupi la mwanayo, chimene chimakankha pamene nthiti zatukuka n'kusiya mpata mbali inayo kuti thupi lithawireko. Mitundu yodziwika ndi Boston ndi Chêneau, ndipo imathandiza uta umene pachimake pake pali pa T7 kapena kumunsi. Uta wokwera kuposa apo kale unkafuna bulesi ya Milwaukee yofika m'khosi, imene ana ambiri amaikana. Palinso zovala usiku wokha, monga Charleston ndi Providence, zimene zimayenera kwambiri uta umodzi wa m'chiuno kapena wa pamalire wosapitirira madigiri 35. Kwa uta wa pachifuwa mwa mtsikana amene sanathe msinkhu, ine sindingadalire ya usiku yokha. Malamba ofewa ogulitsidwa m'masitolo a mankhwala, aja opangira akuluakulu odwala msana, alibe ntchito pa matendawa.

Umboni waukulu wakuti bulesi imathandiza unatuluka mu 2013, pa kafukufuku wotchedwa BrAIST amene anachitika ku America ndi ku Canada pa ana 242. Mwa amene anavala bulesi, 72 pa 100 alionse anafika pokhwima mafupa uta usanafike madigiri 50, amene ndi malire a opaleshoni, pamene mwa amene ankangoyang'aniridwa anali 48. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi china. M'mabulesimo anaikamo kachipangizo komva kutentha kwa thupi, kodziwitsa maola enieni amene mwana wavala, osati amene akunena pakamwa. Ana amene ankavala maola osapitirira 6 patsiku sanasiyane ndi osavala n'komwe, koma amene ankavala maola pafupifupi 13 kapena kuposa, 9 mwa 10 alionse anapewa malire a opaleshoni. Onaninso mbali ina ya manambalawa: pafupifupi theka la osavala anapulumuka okha, ndipo ena ovala bwino analephera ndithu. Bulesi imachepetsa ngozi, siichotsa yonse.

Dokotala akalamula maola 18 patsiku, mwana amatsala ndi maola 6 osamba, kusewera mpira wa manja ndi kupumitsa khungu. Sayamba ndi 18 tsiku loyamba, koma amawonjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mkati avale vesiti ya thonje yothina bwino, yopanda makwinya, ndipo miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mukhale nazo zingapo zosinthira, chifukwa thukuta lokhala pansi pa pulasitiki limatupitsa khungu. Pamene bulesi ikukankha pamafiira, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka ngati kufiirako kuzimiririka pasanathe theka la ola ataivula. Kukakhalitsa kapena pakatuluka chilonda, bulesi ibwerere kwa amene anaiumba kuti akaikonze, ndipo musapakepo mafuta chifukwa amafewetsa khungu n'kulipangitsa kunyuka. Pakatha masabata 4 mpaka 6 mwana ajambulidwe atavala bulesi. Timafuna kuona uta utatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu mpaka theka, ndiye kuti madigiri 31 aja afike pakati pa 16 ndi 21. Chithunzi chikaonetsa 29 atavala, bulesiyo siikugwira, ndipo kumuvutitsa mwana maola 18 m'chigoba chotere n'kungotaya nthawi.

Ndinaonapo mtsikana wa sukulu yogonera komweko amene bulesi yake inabwera kuchipatala patatha miyezi 6 ili yoyera mbee, malamba ake osatha ngakhale pang'ono, iye akulumbira kuti amavala tsiku lililonse. Titakhala naye payekha anaulula kuti inkakhala m'sutikesi kunsi kwa bedi chifukwa anzake ankaigogoda ngati chitseko. Uta wake unali utachoka pa 30 kufika pa 41. Kuyambira pamenepo ndimakonda kupangana ndi mwana mwiniwakeyo osati makolo okha. Ngati sukulu yamukanika kotheratu, tiwerengere limodzi: akavala pobwera kusukulu 2 koloko masana n'kudzavula 6 koloko m'mawa, kuchotsapo ola limodzi losamba, apeza maola 15. Si 18, koma maola 15 oona amaposa 18 a pakamwa. Kuuza aphunzitsi ake mwakachetechete ndi kumusokera yunifolomu yotayako pang'ono kumathandiza kuposa kumukalipira. Mafizo, makamaka a njira ya Schroth, amathandiza kaimidwe ndi mphamvu za minofu pambali pa bulesi, koma pa madigiri 31 mwa mwana wokula sangalowe m'malo mwake.

Kenaka adzaonedwa pa miyezi 4 mpaka 6 iliyonse, ndipo zithunzi zoona ngati uta ukukula zimajambulidwa atavula bulesi kwa nthawi imene dokotala wanena, kawirikawiri tsiku lathunthu, chifukwa msana wongotuluka kumene m'chigoba umaoneka wowongoka kuposa mmene ulili. Mwana akamatalika bulesi imachepa, ndiye muyembekezere kuumbitsa ina pakatha chaka kapena chaka ndi theka. Amasiya pang'onopang'ono akafika Risser 4, patatha zaka pafupifupi ziwiri chiyambireni kusamba, ndiponso timizere ta pachitseko tija tikasiya kukwera kwa miyezi 6. Kwa mwana wanu zimenezi zikutanthauza zaka ziwiri kapena zitatu za bulesi.

Opaleshoni timaiganizira uta ukafika madigiri 45 mpaka 50 mwana akadali kukula, kapena ukapyola 50 atakhwima. Malire amenewa sanangoikidwa mwachisawawa. Madokotala a ku Iowa ku America, Weinstein ndi Ponseti, anatsatira odwala osachitidwa opaleshoni kwa zaka pafupifupi 40, ndipo mu 1983 anaonetsa kuti uta wosafika madigiri 30 pa nthawi yokhwima mafupa nthawi zambiri umaima pomwepo, pamene uta wa pachifuwa wa pakati pa 50 ndi 75 umapitirira kukula pafupifupi digiri imodzi pachaka. Mtsikana wa zaka 16 wa madigiri 55 angathe kudzakhala pafupi ndi 80 akamakwanitsa zaka 45, ndipo uta wa pachifuwa ukafika pamenepo mapapo amayamba kusowa malo, munthu n'kumapuma movutikira akakwera chitunda. Opaleshoni pa msinkhu umenewo ndi yovuta ndi yoopsa kuposa ya paunyamata, chifukwa msana umakhala utauma. Uta womalizira pakati pa 40 ndi 50 ndi umene umatipatsa mutu, ndipo pamenepo timayang'ana ngati thupi lapendekera mbali imodzi, kukula kwa linunda, ndi mmene mwini wake akudzionera, n'kumamujambula chaka ndi chaka tisanagamule. Ululu wokha si chifukwa chochitira opaleshoni pa mtundu uwu.

Opaleshoni yodziwika imachitikira kumbuyo. Dokotala amalowetsa masikuluwu m'mafupa a msana amene ali mu uta, n'kuwalumikiza ndi ndodo ziwiri zachitsulo zopindidwa motsata msana wabwino, kenaka amaika tizidutswa ta fupa kuti m'miyezi yotsatira mafupawo agwirane n'kukhala fupa limodzi. Uta umatsika ndi magawo pafupifupi awiri mwa atatu, moti wa 55 ungatsale cha m'ma 20. Kuipa kwake n'kwakuti gawo logwirizanitsidwalo silidzapindikanso kapena kutalika. Pachifuwa munthu saziona kwenikweni popeza nthiti zimagwira kale malo amenewo, koma zitsulo zikatsikira ku L3 kapena L4 kuwerama kumachepa, n'chifukwa chake dokotala amajambula mwana atapendekera kumanja ndi kumanzere kuti aone uta umene umawongoka wokha n'kuusiya. Zoopsa zake ndi kutaya magazi ambiri, chilonda kulowa tizilombo, mafupa kulephera kugwirana, ndi kuvulala kwa mtsempha wa mumsana, kumene pa mtundu uwu kumachitika mwa odwala osakwana mmodzi pa 100 alionse m'zipatala zozolowera ntchitoyi. Tsiku limenelo likadzafika, mudzafunse mosaopa ngati pali makina olondera mtsempha pa nthawi ya opaleshoni, ngati magazi alipo okwanira, ndiponso kuti dokotalayo amachita maopaleshoni otere angati pachaka. Ambiri amayamba kuyenda pakatha tsiku limodzi kapena awiri, amabwerera kusukulu pakatha masabata 4 mpaka 6, ndipo masewera olimba amadikira miyezi 6 kapena kuposa. Ndiyankhenso funso limene amayi ambiri amandifunsa potuluka pakhomo: bulesi kapena zitsulo zamumsana sizilepheretsa mtsikana kudzatenga pakati ndi kubereka.

Mwana wanu ali kutali ndi malire amenewo ndi madigiri pafupifupi 15 mpaka 20, ndipo mpata umenewu ndi umene mukuuteteza. Mutenge zithunzi zonse ziwiri, osati malipoti okha, mupite nazo kwa dokotala mmodzi wa mafupa kuti aziyeze pa mafupa omwewo. Wachipatala woona za mafupa pa chipatala chanu angakulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, kapena ku Beit Cure ku Blantyre kumene amaona mafupa a ana. Mupemphe kuti m'buku lake la kuchipatala alembe ngodya ya Cobb limodzi ndi mayina a mafupa awiri amene ayezerapo, mbali imene uta watukukira, sitepe ya Risser, kutalika kwake m'masentimita, ndi zotsatira za kuyeza mphamvu ndi kumva kwa miyendo. Bulesi iumbidwe m'masabata akubwerawa osadikira kuti sukulu itsekere, ndipo tsiku lojambula atavala mulipangane musanachoke kwa amene waiumba.